Meseji yati mwawina: njira imene Nambewe ndi achimwene ake anatsata asanatumize ngakhale tambala

Meseji inalowa Lachiwiri cha kumasana, Nambewe ali pamkeka akusenda mtedza. Unali mwezi wa Juni, soya atagulitsa kale, ndipo m'foni mwawo munali K180,000 imene ankasungira feteleza. Anapukuta manja pachitenje n'kuwerenga pang'onopang'ono:

"Zabwino zonse! Nambala yanu yawina K2,500,000 ndi njinga yamoto pa mpikisano wa makasitomala okhulupirika. Imbani nambala iyi lero lisanathe. Musauze aliyense kufikira mutalandira."

Asanamalize n'komwe kudabwa, foni inalira. Anali bambo wa mawu odekha, waulemu, wodziwa kupereka moni. Anati akuimba kuchokera ku likulu la kampani ya foni, ndipo chatsala n'chimodzi basi: K45,000 yolembetsera njinga ija m'dzina lawo. Ikangolowa, galimoto inyamuka.

Mayi ameneyu ndamutcha Nambewe, ndipo mudzi wawo tingoti uli cha ku Kamwendo m'boma la Mchinji. Si munthu wopusa. Amadziwa venda akapotoza sikelo, amasunga buku la banki mkhonde, ndipo sanaberedwepo pamsika. Komabe tsiku limenelo mtima unagunda, maso anaona malata atsopano padenga, ndipo chala chinali chitayamba kale kudina. Chinawaimitsa n'chakuti achimwene awo ndi ajenti wotumiza ndi kutapitsa ndalama pa tauni, ndipo Nambewe sanazolowere kuchita za m'foni popanda iwo. Zimene awiriwa anachita madzulo amenewo ndazindandalika pansipa mwatsatanetsatane, chifukwa aliyense angazichite, ngakhale amene ali ndi kafoni kamabatani.

Choyamba: dulani foni, ndipo musapepese

Nambewe anauza bambo uja kuti, "Ndamva bambo, koma ndiyambe ndaonana ndi achimwene anga." Mawu a bamboyo anasintha pang'ono. Anati mphoto ndi yachinsinsi, achibale amachita nsanje, ndipo ikakwana 4 koloko asanalipire, mwayi upita kwa wina. Anawapempha kuti asadule, ayende nayo foni ili kukhutu mpaka kwa ajenti.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Wakuba wa pafoni alibe mpeni, alibe mfuti. Chida chake ndi liwiro lokha. Akudziwa kuti mukakhala pansi mphindi makumi awiri, kapena mukangouzako munthu mmodzi, bodza lake lisweka. N'chifukwa chake amakupatsani ola lomalizira, amakuletsani kuuza anthu, ndipo safuna kuti mudule. Ndaonapo amayi atafika kwa ajenti foni ili kukhutu, akungoti "eya, eya", dzanja lina likupereka ndalama. Ajenti akafunsa kuti mukutumizira ndani, amayankha kuti mwana wanga, chifukwa ndi mmene auzidwira kuti ayankhe.

Kudula foni kumativuta ife chifukwa tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumudula mawu. Koma mphoto yeniyeni siisungunuka ngati mchere chifukwa chakuti mwadula foni. Nenani kuti "ndikuimbiraninso", dinani batani lofiira. Akaimbanso, isiyeni ilire.

Nambewe anadula. Bamboyo anaimbanso kanayi iwo akufunafuna kabaza.

Chachiwiri: sankhani munthu woti mum'funse, ndipo mum'onetse foniyo

Safunsa anadya phula, inde, koma si aliyense amene angakuthandizeni. Mnzanu amene angangolumpha ndi chimwemwe n'kuyamba kukuuzani zogula sakuthandizani. Funani munthu amene amagwira ndalama za pafoni tsiku ndi tsiku, kapena wozolowera kuwerenga makalata: ajenti amene mumamudziwa, mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, mlembi wa gulu lanu. Ndipo musangomufotokozera pakamwa. Munthu akamafotokoza nkhani imene akufuna kuti ikhale yoona, amaikonza osadziwa, amasiya timbali tokayikitsa. Mupatseni foni m'manja awerenge yekha, ndipo meseji musaifufute.

Nambewe anapeza achimwene awo ali m'kakontena kawo, akuwerengera munthu ndalama. Anadikira mpaka kasitomala atachoka.

"Achimwene, taonani izi. Akuti ndawina."

Iwo sanaseke, ndipo sanakalipe. Ndikuona kuti ichi n'chofunika kwa inu amene mudzafunsidwe ndi amayi anu kapena azakhali anu tsiku lina. Mukangoti "inunso mungakhulupirire zimenezi?", mawa sadzabweranso kwa inu, adzatumiza mwakachetechete. Achimwenewo anakoka benchi n'kunena kuti, "Khalani apa achemwali, tiione bwinobwino."

Chachitatu: mpikisano umenewu munalowa liti?

Ili ndi funso limene anayamba nalo.

"Kodi pali mpikisano umene munalowa? Munatumiza meseji kwinakwake, munadzaza fomu, kapena munamva pa wailesi kuti ogula mayunitsi akulowa m'mayere?"

Nambewe anaganiza. Mayunitsi amagula a K500 mwa apo ndi apo, oimbira mwana wawo ku Lilongwe. Fomu sanadzazepo. Pa wailesi sanamvepo dzina la mpikisano umenewu.

Mipikisano yeniyeni ilipo, tisakane. Makampani a foni, mabanki ngakhale ogulitsa katundu amachititsa. Koma kampani imachititsa mpikisano pofuna kutchuka, choncho imaulengeza pa wailesi, m'nyuzipepala, pa zikwangwani, ndipo opambana amawatchula poyera, nthawi zina kuwajambula atanyamula chikalata chachikulu cha ndalama. Ndiye mpikisano woti wopambana asauze aliyense, kampaniyo ipindulapo chiyani? Chinsinsi ndi mphoto siziyendera limodzi.

Chachinayi: yang'anani amene watumiza, osati zimene walemba

Pano achimwene aja anakhalitsapo, ndipo nanenso ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri sayang'ana.

Anatsegula meseji ina yakale, ija inabwera tsiku limene venda wa soya anawalipira pa foni. Pamwamba pake panalibe nambala ya munthu, panali dzina la ntchito yotumizira ndalama ya kampaniyo. Kenako anatsegula ya mphoto ija. Pamwamba pake panali nambala wamba ya manambala khumi, yofanana ndi ya aliyense.

"Mwaona kusiyana? Iyi yachokera ku makina a kampani. Iyi yachokera m'foni ya munthu ngati ine ndi inu. Dzina la kampani walilemba m'kati mwa meseji, ndipo m'kati aliyense angalembemo chimene akufuna. Inenso ndingakulembereni kuti ndine nduna."

Ku Malawi kuno nambala za Airtel zimayamba ndi 099 kapena 098, za TNM zimayamba ndi 088 kapena 089. Meseji ikachokera ku nambala yotere n'kumadzitcha kampani, banki kapena ofesi ya boma, yambani mwakayika. Pa foni yamabatani nthawi zina nambala siioneka msanga, muyenera kulowa pamene pamasonyeza tsatanetsatane wa meseji. Pa foni yamakono, meseji yeniyeni ya kampani imagwera mumndandanda umodzi ndi anzake akale, pamene yabodza imakhala payokha.

Koma njira imeneyi ili ndi malire, ndipo achimwenewo sanabise. Pali akuba ena odziwa makina amene amatha kutumiza meseji yooneka ndi dzina la kampani pamwamba. Palinso chinyengo chapafupi: munthu abwereka foni yanu, kapena aipeza kumene mwaisiya kuti itchajidwe, n'kusungamo nambala yake pansi pa dzina la kampani. Tsiku limene adzakutumizireni meseji, foni yanu idzasonyeza dzina lija. Choncho nambala wamba ndi umboni wakuti ndi bodza, koma dzina la kampani pamwamba si umboni wokwanira wakuti n'zoona. Pamafunika sitepe yotsatirayi.

Chachisanu: funsani m'foni mwanu momwe, ndi ku kampani kudzera njira imene wakubayo sanakupatseni

Ali chikhalire pabenchi paja, meseji ina inalowa. Inalembedwa mofanana ndithu ndi ya kampani: mwalandira K2,500,000, nambala ya chiphaso cha malipiro yakuti yakuti, ndalama zanu zatsekedwa kufikira mutalipira K45,000. Nambewe anadzuka.

"Achimwene, si izi zalowa!"

"Tiyeni tifunse foni yanu ngati zalowadi."

Anawauza kuti adine okha nambala ya ntchitoyo. Kwa a Airtel Money ndi `*211#`, kwa a TNM Mpamba ndi `*444#`. Anasankha poonera ndalama zotsala, ndipo pofika polemba nambala yachinsinsi, ija foni imati `PIN`, achimwenewo anayang'ana kumbali. Yankho linabwera: K180,000, monga mmene zinalili m'mawa.

Meseji ndi mawu chabe. Ndalama zimene muli nazo ndi zimene foni yakuuzani mutafunsa nokha. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa chinyengo china chofala chija chakuti "ndatumiza ndalama molakwitsa ku nambala yanu, chonde ndibwezereni, ndi za maliro". Onani kaye ngati zalowadi. Ndipo ngakhale zitalowadi, uzani mwini wake kuti aimbire kampani izibweze yokha.

Kenako achimwenewo anaimbira ofesi yothandiza makasitomala. Nambala sanaitenge m'meseji muja ayi. Mukaimba nambala imene wakuba wakupatsani, ayankha ndi mnzake, kapena iye yemwe atasintha mawu, ndipo akutsimikizirani kuti mwawinadi. Nambala yoona imapezeka pa chikwangwani cha kampani chimene chimapachikidwa kwa ajenti, pa pepala limene munagulira simukhadi, kapena ku shopu ya kampaniyo pa boma. Anafunsa zinthu ziwiri zokha: kodi muli ndi mpikisano wa dzina lakuti, ndipo kodi nambala iyi ndi yanu? Mayankho onse awiri anali akuti ayi. Wa ku ofesiyo analemba nambala ija kuti aifufuze.

Meseji ikanena za banki, pitani ku nthambi ya bankiyo kapena imbani nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu. Ikanena za feteleza wotsika mtengo wa boma kapena za Mtukula Pakhomo, funsani mlangizi, amfumu kapena ku ofesi ya DC. Mayina a opindula pa ndondomeko zimenezi salembedwa potumiza ndalama ku nambala ya munthu. Akuba amatsata nyengo ngati alimi: pokolola amabwera ndi mphoto, mvula ikayandikira amabwera ndi makuponi, zotsatira za mayeso zikatuluka amabwera ndi thandizo la fizi.

Chachisanu ndi chimodzi: mphoto yoyamba mwalipira si mphoto

Nambewe anali asanakhutirebe kwenikweni, ndipo sindikuwada. Munthu sataya K2,500,000 m'maganizo mwake mosavuta. Anati, "Koma achimwene, njinga yamoto imafunikadi mapepala. Mwina K45,000 imeneyi n'njoona."

"Chabwino," anatero achimwenewo. "Akusungirani mamiliyoni awiri ndi theka. N'chifukwa chiyani sakungodulapo K45,000 n'kukupatsani zotsalazo?"

Nambewe anakhala chete. Funso limeneli lilibe yankho, ndipo mukalifunsa wakuba amayamba kulankhula za malamulo ndi makompyuta. Ngati pa mphoto pali msonkho, superekedwa ku nambala ya munthu amene simunamuonepo.

Achimwenewo anawasonyezanso china. Anayamba ngati akutumiza ndalama ku nambala ija, n'kulemba K100. Kawirikawiri musanalembe nambala yachinsinsi, foni imakuonetsani dzina la mwini nambala kuti mutsimikize. Panatuluka dzina la mayi wina wosadziwika, pamene woimba uja anali bambo wodzitcha bwana wa ku likulu. Anathetsa pomwepo, osatumiza kanthu. Kampani ingalandire bwanji ndalama zake m'dzina la mayi wa kumudzi?

Dzina limenelo musathamangire kulitenga ngati la wakubayo. Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo ambiri tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Akuba anapeza njira yozembera: amagwiritsa ntchito masimukhadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Mayi amene dzina lake linatuluka mwina sadziwa n'komwe. Mwina anangobwereketsa chiphaso kwa mnyamata amene anati akulemba mayina a thandizo. Ichi n'chifukwa chake chiphaso chanu simuyenera kulembetsera nacho nambala ya munthu wina, ngakhale atakupatsani kangachepe. Apolisi akadzayamba kufufuza, adzagogoda pakhomo panu.

Ndipo K45,000 ija sikanakhala yomaliza. Amene watumiza koyamba amaimbiridwanso: galimoto yafika pa msewu waukulu koma mafuta atha, tumizani K30,000. Kenako apolisi a pamsewu aigwira njinga, pakufunika K60,000. Munthu amapitiriza kutumiza, osati chifukwa akukhulupirirabe, koma chifukwa akuopa kuvomereza kuti zoyamba zija zapita. Amaleka m'foni mutauma, ena atakongolanso ku banki mkhonde.

Chachisanu ndi chiwiri: musadine zimene munthu akukuuzani pafoni

Bambo uja anaimbanso kachisanu. Achimwene anati ayankhe, koma akweze mawu kuti onse amve. Atamva kuti Nambewe alibe K45,000 yotumiza, sanakwiye. Anati palibe vuto, abwana avomera kuti alandire kaye, adzalipira pambuyo. Angotsatira zimene awauze kuti ndalama zitseguke.

Anawauza kuti adine nambala ya ntchito yotumizira ndalama ija. Kenako asankhe nambala yakuti pamndandanda. Kenako alembe "nambala ya mphoto", n'kutchula manambala angapo. Kenako alembe "nambala yotsimikizira", imene anaitchula imodzi imodzi: wani, seveni, faifi, ziro, ziro, ziro. Pomaliza alembe nambala yawo yachinsinsi.

Achimwenewo ankalemba papepala m'malo modina. Atadula foni anatembenuzira pepalalo kwa mlongo wawo.

"Apa wakulowetsani potapa ndalama. Iyi akuti nambala ya mphotoyi ndi nambala ya ajenti wina, ngati iyi yanga yapachikidwa apayi. Nanga iyi yotsimikizirayi, tawerengani ngati ndalama."

Nambewe anaika chala papepala. "Wani seveni faifi... K175,000."

"Mukanangolemba nambala yachinsinsi, m'foni mwanu mukanatsala ndalama ya mchere."

Chinyengo chimenechi chimagwira anthu ambiri chifukwa munthu amadzitonthoza kuti sindinauze aliyense nambala yanga yachinsinsi. Zoonadi simunamuuze, koma mwamulembera nokha pakhomo limene iye wasankha. Mindandanda ya m'foni nthawi zambiri timaidina mothamanga osawerenga, makamaka ikakhala m'Chingerezi, ndipo wina akamakulankhulitsani kukhutu simungawerenge n'komwe. Akamatchula manambala amodzi amodzi, amafuna kuti musamve kuti ndi ndalama.

Gwirani mfundo iyi: polandira ndalama simulemba nambala yachinsinsi. Mwana wanu akakutumizirani kuchokera ku Joni kapena ku Lilongwe, zimangolowa inu muli kumunda. Nambala yachinsinsi imafunika ndalama zikamatuluka, kapena mukamaona nokha za mu akaunti yanu. Wina akakuuzani kuti muilembe kuti mulandire, akufuna kuti mupereke.

Chimodzimodzi ndi timanambala tija timabwera pa meseji mwadzidzidzi, munthu n'kuimba kuti "tandiwerengereni nambala imene yalowayo". Imeneyo ndi kiyi wolowera mu akaunti yanu kuchokera pa foni ina. Wogwira ntchito ku kampani kapena ku banki safunsa nambala yachinsinsi, safunsanso timanambala timeneti.

Nambewe anafunsa chimene chinkawasowetsa mtendere: bamboyu anadziwa bwanji kuti m'foni muli ndalama pafupifupi zimenezo? Atakumbukira bwino, anali atamuuza okha. Pa kuimba koyamba kuja anawafunsa mwaulemu kuti mu akaunti muli zingati, ati pofuna kuona ngati mphoto ikwanamo. Nambala ya foni yokha n'njosavuta kupeza. Ena amangotumiza meseji ku manambala ambirimbiri motsatana, n'kudikira amene ayankhe. Ena amatola manambala m'mabuku a misonkhano ndi m'magulu a pafoni. Ngakhale dzina lanu angalidziwe mwa njira yomwe ija achimwene anaonera dzina la mwini nambala. Choncho munthu akakutchulani dzina lonse, sizitanthauza kuti ndi wa ku ofesi.

Ngati mwatumiza kale

Mwina mukuwerenga izi mochedwa. Musakhale pansi kulira kaye, chifukwa apa mphindi iliyonse ndi ndalama.

Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, musanapite kwina kulikonse. Khalani ndi meseji yotsimikizira ija pafupi, chifukwa adzafuna nambala ya chiphaso cha malipiro, nambala imene mwatumizako, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi. Ngati ndalamazo zikadali mu akaunti ya wolandirayo, pali mwayi woti aziimitse. Ndinene mosabisa kuti akuba amatapa kapena kusamutsa ndalama msanga kwambiri, ndipo zikatuluka kubweza kumavuta. Komabe imbani, chifukwa lipoti lanu lingatsekeretse nambalayo isanabere wina.

Mukatero sinthani nambala yachinsinsi. Musaike chaka chimene munabadwa, chifukwa chalembedwa pa chiphaso chanu cha unzika, ndipo musaike 1234 kapena manambala omalizira a foni yanu. Ngati foni yasiya mwadzidzidzi kugwira netiweki pamene za anzanu zikugwira, pitani ku shopu ya kampani ndi chiphaso tsiku lomwelo, chifukwa mwina wina watengetsa simukhadi yatsopano pa nambala yanu.

Kenako kanenereni kupolisi, foni ili m'manja, mameseji onse alimo. Kutenga chuma cha munthu mwa kumunamiza ndi mlandu pansi pa gawo 319 la malamulo a milandu a dziko lino, ndipo palinso lamulo la mu 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa makina. Apolisi akhala akunena poyera kuti ena mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende, makamaka ya Zomba, mothandizana ndi anzawo amene ali kunja kwa ndende, omwe amatapa ndalamazo. Bwana wa ku likulu uja mwina alibe ngakhale mpando.

Chenjerani ndi foni yachiwiri. Pakapita tsiku kapena awiri, wina angaimbe kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani, wagwira wakuba uja, ndipo mutumize kangachepe kuti ndalama zanu zibwezedwe. Ndi gulu lomwelo.

Chovuta kuposa zonse ndi manyazi. Ambiri amene aberedwa sauza ngakhale amuna awo kapena akazi awo, ndiye wakubayo amalowa nyumba yotsatira ndi bodza lomwelo, osasintha ngakhale liwu limodzi. Uzani anthu. Nenani ku gulu, ku tchalitchi, ku mzikiti, pachitsime.

Nambewe sanatumize kanthu, komabe anasintha nambala yachinsinsi ali pabenchi pomwepo, chifukwa yakale inali chaka chobadwa mwana wawo woyamba. Achimwene anatseka nambala ya bambo uja kuti isaimbenso, n'kulemba nambala yoona ya ofesi ya makasitomala pakapepala, Nambewe n'kukapinda m'kachikwama kawo pamodzi ndi chiphaso. Anagwirizananso kuti K180,000 ija isakhale yonse m'foni mpaka Okutobala: matumba a feteleza amene ikanakwanitsa akagule msanga, asungidwe m'nyumba.

Pokwera kabaza anati, "Achimwene, komatu malata aja ndinali nditawaona kale padenga."

"Tidzagula ndi mtedza womwewo, achemwali. Mundiperekere moni kwa alamu."

Lachisanu ku banki mkhonde, asanatsegule bokosi, Nambewe anapempha kuti awerenge meseji ija mokweza. Asanafike pa mawu akuti "musauze aliyense", amayi awiri anali atatulutsa kale mafoni awo. Mmodzi anali ndi meseji yomweyo, liwu ndi liwu, ndipo anabwera ku gulu tsiku limenelo kudzakongola K45,000.